Kutsegula gemu ngati adimini pa Windows: nthawi imene kumathandiza ndiponso kuopsa kokuzolowera

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri kuno ku Chipata, makamaka ndi achinyamata amene agula laputopu yakale ndiponso ndi anthu amene ali ndi malo oseweretsa magemu, ndi lakuti: gemu yanga ikukana kuseva, anzanga akuti ndichonge `Run this program as an administrator`, kodi ndichite zimenezo? Ndaona kuti ndi bwino kulemba yankho lonse pamalo amodzi. Mwachidule, kutsegula gemu ngati adimini kumathetsa vuto la mtundu umodzi wokha, vuto la chilolezo, ndipo kuyenera kugwiritsidwa ntchito ngati njira yofufuzira vutolo, kenako vutolo likonzedwe pamene lagona, gemu ibwerere kumatsegulidwa mwa nthawi zonse.

Zimene zimachitika mukasankha `Run as administrator`

M'masiku a Windows XP, imene inatuluka mu 2001, anthu ambiri ankagwiritsa ntchito kompyuta ali ndi mphamvu zonse, ndipo opanga magemu anazolowera kulemba masevu, kutanthauza mafayilo osunga pamene mwafika m'masewero, m'foda yomweyo imene gemu yaikidwa. Windows Vista, imene inafika kwa anthu onse mu 2007, inabweretsa `User Account Control`, kapena `UAC`, ndipo dongosolo limeneli lilipobe mu Windows 7, 10 ndi 11. Ngakhale akaunti yanu ikhale ya adimini, pulogalamu iliyonse imene mwatsegula imapatsidwa mphamvu zochepa za munthu wamba, moti siingalembe mu `C:\Program Files`, mu `C:\Windows`, kapena m'gawo la kaundula wa Windows lotchedwa `HKEY_LOCAL_MACHINE`. Mphamvu zonse zimaperekedwa pokhapokha sikirini itada, n'kutuluka bokosi lofunsa ngati mukulola pulogalamuyo kusintha zinthu, inu n'kudina `Yes`.

Zili ngati mlendo amene wabwera kudzagona panyumba: mwachizolowezi amapatsidwa kiyi wa chipinda chake, koma mukadina `Yes` mwamupatsa mtolo wonse wa makiyi, kuphatikizapo wa chipinda chimene mumasungiramo ndalama. Mphamvu zimenezi siziwonjezera liwiro la kompyuta, siziwonjezera ramu, ndipo sizisintha khadi ya zithunzi. Zimangotsegula malo amene anali otseka.

1. Yambani mwazindikira ngati vuto lanu ndi la chilolezo

Vuto la chilolezo lili ndi zizindikiro zake. Gemu imatseguka bwinobwino koma ikafika poseva imakana, kapena mukasintha mabatani ndi kukula kwa chithunzi, mawa mumapeza zonse zabwerera mwakale. Nthawi zina pamatuluka uthenga wakuti `Access is denied`, umene pa Windows ndi cholakwa nambala 5, kapena pulogalamu yowonjezera zatsopano mu gemu imalephera kusintha mafayilo amene ali mu `Program Files`. Palinso uthenga wakuti `The requested operation requires elevation`, nambala 740, umene ukutanthauza kuti pulogalamuyo payokha ikupempha mphamvu za adimini. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, pitirirani ku sitepe yachiwiri.

Mavuto ena amafanana ndi amenewa pongoona, koma adimini sangawathetse. Uthenga wakuti `d3dx9_43.dll` ikusowa umafuna kuti muike DirectX yakale ya Microsoft ya mu June 2010, ndipo wakuti `MSVCP140.dll` ikusowa umafuna `Visual C++ Redistributable`. Gemu imene ikuyenda modukizadukiza imafuna kuchepetsa ukadaulo wa zithunzi kapena kuika dalaivala watsopano. Madisiki akale otetezedwa ndi SafeDisc sagwira pa Windows 10 chifukwa Microsoft inasiya kulola dalaivala wake, ndipo kudina `Yes` sikusintha kanthu. Ngati gemu ikulephera kuseva mu `Documents`, onani ngati `Controlled folder access` ndi yoyatsa mu `Windows Security`, chifukwa chitetezo chimenechi chimayang'ana pulogalamu yeniyeniyo ndipo chimatha kuitsekereza ngakhale itatsegulidwa ngati adimini; njira yake ndi kuilola pa `Allow an app through Controlled folder access`.

2. Dzifunseni kumene gemuyo yachokera

Sitepe imeneyi ibwere musanadine chilichonse. Chifukwa cha mtengo wa mabandulo, magemu ambiri kuno amayenda pa fulashi kuchoka pa laputopu ina kupita pa ina, ndipo pofika kwa inu palibe amene angakuuzeni amene anasintha mafayilo ake. Bokosi la `UAC` limakuthandizani pang'ono: likalemba `Verified publisher` ndi dzina la kampani imene inapanga gemuyo, ndiye kuti fayiloyo ili ndi siginecha imene sinasokonezedwe, koma likalemba `Publisher: Unknown`, Windows siikudziwa mwini wake. Magemu ambiri akale enieni alibe siginecha, choncho mawu amenewa paokha si umboni wa vayirasi, komabe akutanthauza kuti chigamulo chonse chili m'manja mwanu.

Ine ndimaona kuti gemu ya kiraki, imene malangizo ake akuti muzimitse antivayirasi kenako mutsegule ngati adimini, siyenera kuikidwa pa kompyuta imene mumalowerapo mu imelo, m'akaunti ya kubanki kapena imene ili ndi ntchito ya kusukulu. Malangizo awiri amenewo akaphatikizana amachotsa zotchinga ziwiri zofunika kwambiri zimene Windows ili nazo.

3. Koperani masevu anu kaye

Musanayese kanthu, pezani masevu ndipo muwakopere pa desikitopu kapena pa fulashi. Malo amene amapezeka kawirikawiri ndi `Documents`, `Documents\My Games`, `Saved Games`, `AppData`, ndi foda ya gemu yeniyeniyo. Pali malo ena amodzi obisika, amene ndifotokoza pa sitepe 5, ndipo amenewo ndi amene amaliritsa anthu ambiri. Popeza magetsi amatha kuzima nthawi ina iliyonse, amene muli ndi kompyuta ya pa tebulo yopanda batire muzikopera mafayilo m'malo mowadula, ndipo akalewo muwafufute pokhapokha mutatsimikiza kuti atsopanowo akugwira.

4. Yesani kamodzi kokha, osachonga kabokosi

Dinani fayilo ya gemu kapena shotikati yake ndi batani la kumanja la mausi, musankhe `Run as administrator`, kenako `Yes`. Njira imeneyi imagwira ulendo umodzi wokha, ndipo mukatseka gemu mphamvuzo zimatha. Chitani chinthu chenicheni chimene chimakanika, kaya ndi kuseva kaya ndi kusintha mabatani, mutseke gemu, muitsegulenso mwa njira yomweyo, muone ngati zasungika. Ngati vuto lidakalipo, ndiye kuti silinali la chilolezo, ndipo musapitirize kupereka mphamvuzo poganiza kuti mwina zikuthandizako pena.

Kuti mutsimikize mmene gemu ikuyendera, tsegulani `Task Manager` podina `Ctrl`, `Shift` ndi `Esc` pamodzi, mupite pa `Details`, mudine kumanja pa mitu ya mizere, musankhe `Select columns`, ndipo muchonge `Elevated` ndi `UAC virtualization`. Mzere woyamba ukalemba `Yes`, gemu ili ndi mphamvu za adimini. Mzere wachiwiri ndi umene ukutifikitsa pa sitepe yovuta.

5. Mvetsani chifukwa chake masevu amaoneka ngati asowa

Microsoft inadziwa kuti mapulogalamu akale adzapitiriza kuyesa kulemba mu `Program Files`, choncho inaika njira yowathandizira mwakachetechete. Pulogalamu yakale ya mabiti 32, imene ilibe chikalata chamkati chonena mphamvu zimene imafuna, ikayesa kulemba m'malo oletsedwa, Windows siimaikaniza poyera, koma imapatutsira fayiloyo ku foda ina ya mu akaunti yanu yotchedwa `VirtualStore`. Gemuyo imaganiza kuti yaseva mu `Program Files`, ndipo ikafuna kuwerenga, Windows imaipatsa fayilo ya ku `VirtualStore` ija. Zimenezi zimachitika pokhapokha gemu ikatsegulidwa mwa nthawi zonse, ndipo pa `Task Manager` mzere wa `UAC virtualization` umalemba `Enabled`. Mukangoitsegula ngati adimini, kupatutsa kumeneku kumaleka, gemu imayang'ana mu `Program Files` yeniyeni, ndipo m'menemo mulibe chilichonse chimene munaseva kale.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tiyerekeze kuti mnyamata wina ali ndi makompyuta anayi oseweretsa pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo pa imodzi pali gemu yakale ya mpira yoikidwa mu `C:\Program Files (x86)\Mpira`, imene imasunga ligi mu foda yotchedwa `save`. Makasitomala akhala akusewera ligi imodzi kwa miyezi ingapo. Tsiku lina akufuna kuika mayina atsopano a osewera, kapulogalamu koikira kakukana, ndipo mnzake akumuuza kuti achonge kabokosi ka adimini pa kapulogalamuko ndi pa gemu yomwe. Mayina alowa, koma potsegula gemu, ligi yonse palibe. Makasitomala ayamba ligi ina, ndipo tsopano pa kompyutayo pali magulu awiri a masevu: akale ali ku `VirtualStore`, atsopano ali mu `Program Files (x86)`. Akadzachotsa chongi chija, ligi yakale idzabwerera, yatsopanoyo n'kuoneka ngati yasowa.

Kuti muone masevu akalewo, dinani batani la `Windows` pamodzi ndi `R`, mulembe izi, kenako `Enter`:

```
%LOCALAPPDATA%\VirtualStore
```

M'chitsanzo chathu, ligi yakale ipezeka mu `Program Files (x86)\Mpira\save` mkati mwa foda imeneyi. Yerekezerani masiku a pa mzere wa `Date modified` m'malo onse awiri kuti mudziwe gulu limene ndi liti, ndipo mukopere magulu onse awiri kumalo ena, lililonse m'foda yakeyake, chifukwa mayina a mafayilo amakhala ofanana ndipo n'zosavuta kufufuta ligi ina poika inzake pamwamba pake.

Pali njira inanso imene masevu amasowera, ndipo imachitika kwambiri m'nyumba zimene kholo lili ndi akaunti ya adimini, ana ali ndi akaunti wamba. Mwana akasankha `Run as administrator`, Windows imapempha pasiwedi ya kholo, ndipo ikalembedwa, gemuyo imayenda m'dzina la kholo. `Documents` ndi `AppData` zimene gemu ikuona pa nthawiyo ndi za kholo, choncho masevu a mwana saoneka, ndipo atsopano amakalembedwa m'akaunti ya kholo. Palibe chimene chafufutika. Mafayilo ali pansi pa dzina lina mu `C:\Users`.

6. Konzani malo amene gemu ikukanika kulemba

Ngati kuyesa kwa pa sitepe 4 kwathandiza, mwadziwa kuti gemu ikufuna kulemba penapake pamene siikuloledwa. Njira yosavuta ndi kuichotsa ndi kuiikanso kunja kwa `Program Files`, mwachitsanzo mu `C:\Games` kapena pa `D:`. Pa Windows imene sinasinthidwe, foda imene mwapanga nokha pa `C:\` imalola ogwiritsa ntchito kulembamo, motero gemu imaseva popanda mphamvu zapadera ndiponso popanda kupatutsidwa. Mukamaliza kuika, bwezerani masevu amene mwasankha mu foda ya `save` ya kumalo atsopanowo.

Ngati simungathe kuikanso gemuyo, perekani chilolezo pa foda yokhayo imene ikufunika. Dinani kumanja pa foda ya `save`, musankhe `Properties`, `Security`, `Edit`, musankhe `Users`, muchonge `Modify` pansi pa `Allow`, kenako `OK`. Amene mumakonda kulemba malamulo, tsegulani `Command Prompt` ngati adimini mulembe izi, mutasintha dzina la foda kuti ligwirizane ndi gemu yanu:

```
icacls "C:\Program Files (x86)\Mpira\save" /grant "Users:(OI)(CI)M"
```

Apa pali msampha umene ambiri sautchula. Fayilo ikakhalapo ku `VirtualStore`, Windows imapitiriza kuipatsa gemu fayilo imeneyo ngakhale mutatsegula chilolezo kumalo enieni. Choncho mnyamata wa m'chitsanzo chathu ayenera kukopera ligi imene akufuna mu foda yeniyeni ya `save`, kenako achotse foda ya `Mpira` ku `VirtualStore` kapena aisinthe dzina, ndipo akatero atsegule gemu mwa nthawi zonse, aseve, aone kuti tsiku la fayilo lasintha pamalo oyenera. Kapulogalamu koikira mayina kaja kangatsegulidwe ngati adimini ulendo umodzi pamene kakugwira ntchito yake, ngati akukhulupirira kumene kachokera. Gemu yeniyeniyo siinkafunika mphamvuzo n'komwe.

Musapereke `Full control` kwa `Everyone` pa `Program Files` yonse, ngakhale mutaona wina akulangiza choncho. Kutero kumalola pulogalamu iliyonse kusintha mapulogalamu ena onse amene ali mmenemo.

7. Dziwani nthawi zochepa zimene adimini amafunikadi

Poika gemu, poichotsa, ndiponso poika DirectX kapena `Visual C++`, bokosi la `UAC` limayenera kutuluka, chifukwa mafayilo akulembedwa m'malo otetezedwa. Mapulogalamu oletsa chinyengo m'magemu a pa intaneti, monga Easy Anti-Cheat, BattlEye ndi Vanguard ya Riot Games, amaika sevisi kapena dalaivala, ndipo amafuna chilolezo pa nthawi yoikidwa kapena yokonzedwa. Zikatha, gemu imatsegulidwa mwachizolowezi. Magemu ena akale kwambiri amaumirira kulemba mu `HKEY_LOCAL_MACHINE` ulendo woyamba, ndipo kwa amenewa kutsegula ngati adimini kamodzi kumakwanira.

Kabokosi ka pa `Properties`, `Compatibility`, `Run this program as an administrator` kasungireni gemu yakale imene mwaiika kunja kwa `Program Files`, mwaipatsa chilolezo, koma ikukanabe, mukudziwa kuti kutero kuli ndi ngozi imene ndifotokoza pa sitepe 8, ndipo ikhale gemu imene mukudziwa gwero lake komanso yosalumikizana ndi intaneti. Chongani pa fayilo ya gemu yokhayo, osati pa Steam kapena pa pulogalamu ina yotsegulira magemu.

8. Zimene mumadziika nazo pangozi mukasiya chongi mpaka kalekale

Chinthu choyamba kumvetsa n'chakuti mphamvu za adimini zimapatsirana. Pulogalamu ikatsegulidwa ngati adimini, chilichonse chimene iyo yatsegula chimalandira mphamvu zomwezo popanda kufunsanso. Mukachonga kabokosi pa Steam, gemu iliyonse imene mwatsegulira mmenemo imakhala adimini. Mukachonga pa gemu, modi iliyonse, pachi iliyonse ndi fayilo iliyonse ya `.dll` imene gemuyo ikunyamula imagwira ntchito ndi mphamvu zonse. Komanso magemu a pa intaneti amalandira zinthu kuchokera ku maseva ndi kwa osewera ena, motero ngati gemu ili ndi chiboo chimene munthu woipa angadutsirepo, amafika ndi mphamvu zimene inu munapereka kwa gemuyo.

Kunena zoona, vayirasi yopanda mphamvu za adimini nayonso imawononga: ingathe kuba mapasiwedi osungidwa mu burawuza yanu ndi kuwononga mafayilo a mu akaunti yanu. Koma ikakhala ndi mphamvu za adimini ingathe kuuza antivayirasi ya Windows kuti isamayang'ane foda yake, kudziika ngati sevisi yoyamba nthawi iliyonse kompyuta ikayatsidwa, kuwerenga mafayilo a anthu onse a pa kompyutayo, ndi kufufuta makope amene `System Restore` imadalira. Zikafika pamenepo, njira yodalirika imakhala kufufuta zonse ndi kuikanso Windows. Pa laputopu imene banja lonse limagwiritsa ntchito, zimenezi zikutanthauza kuti gemu ya mwana mmodzi ingawonongetse ntchito ya kukoleji ya mkulu wake kapena mabuku a bizinesi ya makolo. Amene mudakali pa Windows 10 mukumbukire kuti Microsoft inathetsa chithandizo chake chanthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, choncho si nzeru kuchotsanso zotchinga zimene zatsala.

Choopsa kwambiri ndi kuphatikiza njira ziwiri: kuika gemu m'foda imene aliyense angalembemo, kenako n'kuichonganso kuti izitseguka ngati adimini. Zikatero, kapulogalamu kalikonse kopanda mphamvu kangathe kuika fayilo yake ya `.dll` m'fodayo kapena kusintha fayilo ya gemu, n'kudikira kuti inu mudine `Yes` monga mwa masiku onse. N'chifukwa chake mukamaliza sitepe 6 muyenera kubwerera kukachotsa chongi. Kudina `Yes` tsiku lililonse kumachititsanso kuti munthu asiye kuwerenga bokosilo, ndipo ena amatopa nalo mpaka kulizimitsa posankha `Never notify`, zimene zimalola pulogalamu iliyonse ya mu akaunti ya adimini kutenga mphamvu zonse popanda kufunsa.

Palinso zovuta zing'onozing'ono zimene zimasokoneza anthu. Windows siilola pulogalamu ya mphamvu zochepa kulankhulana momasuka ndi windo ya pulogalamu ya mphamvu zambiri, choncho gemu ikakhala adimini, batani lolankhulira la Discord limatha kusiya kugwira mukakhala mkati mwa gemu, OBS imatha kulephera kujambula, ndipo mapulogalamu osandutsa mabatani a kontirola kukhala a kiyibodi amatha kusiya kumveka. Anthu akaona zimenezi amatsegulanso mapulogalamu enawo ngati adimini, mpaka theka la kompyuta likuyenda ndi mphamvu zonse, pamene yankho linali kutsitsa gemu imodzi ija. Nthawi zina pulogalamu yotsegulira magemu imene ilibe mphamvu imalephera kuyambitsa gemu yochongedwa, n'kutulutsa cholakwa nambala 740 chimene kale kunalibe.

9. Chotsani chongi pa magemu amene munachonga kale

Shotikati imene ikufuna mphamvu za adimini kawirikawiri imakhala ndi kachishango ka mtundu wa buluu ndi chikasu pa chithunzi chake. Pa gemu iliyonse yotere, tsegulani `Properties`, `Compatibility`, muchotse chongi, ndipo ngati kabokosiko kakukana kudinika, pitani pa `Change settings for all users` mukachotse kumeneko. Onaninso pa `Shortcut`, `Advanced`, chifukwa kumeneko kuli kabokosi kena ka `Run as administrator` kamene kamakhudza shotikati yokha. Kuti muone mndandanda wa zonse zimene zinachongedwa pa `Compatibility` m'akaunti yanu, lembani izi mu `Command Prompt`:

```
reg query "HKCU\Software\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion\AppCompatFlags\Layers"
```

Mzere uliwonse wokhala ndi mawu akuti `RUNASADMIN` ndi pulogalamu imene imatseguka ndi mphamvu zonse. Musanachotse chongi pa gemu imene mwakhala mukusewera choncho kwa nthawi yaitali, koperani masevu ake ndipo muyang'ane ku `VirtualStore`, chifukwa ikabwerera ku mphamvu wamba ingathe kukuonetsani masevu akale amene anatsala kumeneko m'malo mwa atsopano. Mukachotsa chongi, tsegulani gemu, museve, ndipo mutsimikize pa `Task Manager` kuti mzere wa `Elevated` walemba `No`.